Kodi bwana angasinthe yekha maola kapena ntchito mutasainirana kale?

Mu Januwale 2022 namondwe wa Ana adagumula damu la Kapichira mumtsinje wa Shire, ndipo dziko lidataya mphamvu yamagetsi pafupifupi mamegawati 130 kwa nthawi yoposa chaka. Anthu a ku Likuni, Mitundu ndi Nathenje akukumbukira bwino momwe zinthu zidaliri. Magetsi ankazima usana wonse n'kudzayaka anthu atagona, choncho chigayo, malo owotcherera zitsulo ndi ophikira buledi ankadikira usiku kuti agwire ntchito. Makina a ku Kapichira adakonzedwa mu 2023, koma kuzimazima kwa magetsi sikudatheretu, ndipo kusowa kwa mafuta ndi kugwa kwa kwacha kwawonjezera mavuto a eni mabizinesi. Zinthu zikathina chotere, bwana amayang'ana kwa antchito ake. Wina amauzidwa kuti kuyambira mawa azibwera usiku, wina kuti aphatikize ntchito ya mnzake amene wachotsedwa.

Funso n'lakuti, kodi lamulo limamulola bwana kuchita zimenezi payekha? Yankho lake lili pawiri. Bwana ali ndi mphamvu yolamula momwe ntchito imene mudagwirizana igwiridwire, koma alibe mphamvu yosintha yekha zimene mudagwirizanazo. Vuto lagona pa kuzindikira malire a ziwirizi, komanso pa zimene wantchito amachita m'masiku oyambirira akauzidwa za kusinthako, chifukwa ambiri amataya mlandu wawo pamenepo asadafike n'komwe kuofesi ya zantchito.

Zimene lamulo lidalemba

Gwero la nkhaniyi ndi gawo 31 la malamulo oyendetsera dziko lino, limene limapatsa munthu aliyense ufulu woti azichitiridwa chilungamo pa ntchito, agwire ntchito motetezeka ndi kulandira malipiro oyenera. Tsatanetsatane wake ali m'lamulo la ntchito la chaka cha 2000, lotchedwa Employment Act.

Gawo 27 la lamuloli limati bwana amene ali ndi antchito asanu kapena kuposerapo apereke kwa wantchito aliyense chikalata chofotokoza mfundo za ntchito yake pasanathe mwezi chiyambireni ntchito. Mwa zina, chikalatacho chitchule malipiro, mtundu wa ntchito ndi maola ogwirira ntchito. Apa pali mfundo yofunika kuigwiritsa. Aphungu adaika maola ndi mtundu wa ntchito pamndandanda umodzi ndi malipiro, kusonyeza kuti zimenezi ndi mizati ya mgwirizano, osati zokongoletsera. Mgwirizano ndi wa anthu awiri, ndipo chimene awiri adamanga, mmodzi sangachimasule yekha. Palibe amene angavomere kuti wantchito adzuke m'mawa n'kulengeza kuti wadzikwezera malipiro. Momwemonso bwana sangadzuke n'kulengeza kuti maola 8 asanduka 12.

Lamulo lidaikanso denga limene ngakhale anthu atagwirizana sangalibowole. Maola a ntchito a masiku onse sayenera kupitirira 48 pa sabata, osawerengera ovataimu. Munthu wogwira ntchito masiku 6 pa sabata sayenera kupitirira maola 8 pa tsiku, ndipo malire omwewo ndi a mlonda ndi wogwira ntchito ya mashifiti. Munthu akagwira masiku 6 otsatizana ayenera kupuma maola 24. Maola opitirira pamenepo ndi ovataimu, ndipo gawo 39 lidaika mitengo yake: ola la ovataimu pa tsiku la ntchito lilipidwe pa mtengo wa ola limodzi ndi theka, pomwe pa tsiku lopuma kapena la tchuthi cha boma lilipidwe kawiri.

Pamene bwana ali ndi mphamvu

Kungakhale kunamiza owerenga kunena kuti bwana sangasinthe kalikonse. Bizinesi ndi yake, ndipo wantchito ali ndi udindo womvera malamulo oyenera a bwana wake. Gawo 59 limalola bwana kuchotsa munthu popanda notisi ngati wakana mwadala lamulo lovomerezeka. Choncho mwini sitolo ku Chigwirizano akauza wogulitsa kuti asiye kulemba malonda m'kope ayambe kugwiritsa ntchito makina, kapena kuti azilandira ndalama za pafoni, sadasinthe mgwirizano. Ntchito ikadali yogulitsa, changosintha ndi chida.

Makhoti athu amayang'ananso zigamulo za ku England pa nkhani za migwirizano, ndipo kumeneko mfundoyi idamveka bwino mu 1984 pa mlandu wa Cresswell. Ogwira ntchito m'maofesi a msonkho adakana makompyuta ponena kuti adalembedwa kuti aziwerengetsera msonkho pamanja. Khoti lidawagonjetsa. Lidati ntchito yawo idali yomweyo, ndipo wantchito ayenera kuphunzira njira zatsopano zogwirira ntchito yake malinga bwana atamuphunzitsa.

Njira yapafupi yodziwira mbali imene kusintha kwagwera ndi kudzifunsa mafunso atatu. Kodi chimene chasinthacho chidalembedwa kapena kugwirizanidwa momveka poyamba ntchito? Kodi munthu wakunja akaona ntchito yatsopanoyo anganene kuti ndi yomwe ija, kapena ndi ina? Nanga kusinthako kukuchepetsa malipiro, ulemu wa udindo kapena chitetezo cha wantchito? Kusuntha nthawi yoyambira ntchito ndi theka la ola pa masiku owerengeka si chimodzimodzi ndi kuchotsa munthu usana kumuika usiku mpaka kalekale. Kupempha kalaliki kuti athandize kuwerenga katundu si chimodzimodzi ndi kumusandutsa wonyamula matumba.

Makontirakiti ambiri amakhala ndi chiganizo chakuti wantchito adzagwiranso ntchito ina iliyonse imene bwana angamupatse, kapena kuti maola angasinthe malinga ndi zofuna za kampani. Mawu otere ali ndi mphamvu ndithu, ndipo wosainira ayenera kudziwa kuti watsegula khomo. Koma khomolo si lopanda mphuthu. Makhoti amawerenga mawu otere mopanikiza, kutanthauza ntchito yofananako ndi imene munthu adalembedwera, ndipo amayembekeza kuti bwana agwiritsa ntchito mphamvuyo mwanzeru ndi kupereka nthawi yokonzekera. Ndipo palibe chiganizo cha m'kontirakiti chimene chingafufute malire a maola kapena mitengo ya ovataimu imene lamulo lidaika.

Tiwerengetsere pa chigayo

Tiyerekeze bambo woyendetsa chigayo pamsika wa Mitundu, amene wagwira ntchito zaka 6 ndipo amalandira K156,000 pa mwezi. Kalata yake imati ntchito yake ndi kuyendetsa chigayo, Lolemba mpaka Loweruka, kuyambira 7 koloko m'mawa mpaka 4 koloko madzulo, ndi ola limodzi la nkhomaliro. Magetsi atayamba kuvuta, mwini chigayo akumuuza kuti kuyambira mawa azifika 6 koloko madzulo n'kuweruka 6 koloko m'mawa, ndipo magetsi akazima azilondera malowo popeza mlonda wachotsedwa. Malipiro akhala omwewo.

M'mawu amodziwa muli kusintha kutatu, ndipo kulikonse kuli ndi yankho lakelake. Koyamba ndi kuchoka usana kupita usiku. Lamulo sililetsa munthu wamkulu kugwira ntchito usiku, ndipo chifukwa cha mwini chigayo n'chomveka, pakuti chigayo chopanda magetsi sichibweretsa ndalama. Komabe nthawi idalembedwa m'kalata, ndipo kusinthaku kukukhudza moyo wonse wa munthu: ulendo wa panjinga mumdima, dimba limene amathirira madzulo, banja limene azilisiya lokha usiku. Kusintha kotere kumafuna chilolezo chake.

Kwachiwiri ndi kutalika kwa nthawi. Maola 12 kwa masiku 6 ndi maola 72 pa sabata, pamene malire ndi 48. Ngati palibe nthawi yopuma, maola anayi tsiku lililonse ndi ovataimu. Tikagawa K156,000 ndi masiku 26 a maola 8, ola lake ndi K750. Ola la ovataimu ndi K1,125, maola anayi ndi K4,500, ndipo pa masiku 26 ndalamazo zikufika K117,000. Ndiye kuti pomuuza kuti malipiro akhala omwewo, mwini chigayo akumulanda bamboyu ndalama zokwana magawo atatu mwa anayi a malipiro ake mwezi uliwonse. Ngakhale bamboyo atagwedeza mutu kuvomera, ngongoleyi siyifa, chifukwa idaikidwa ndi lamulo.

Kwachitatu ndi ulonda. Kuyendetsa makina ndi luso lina, kuyang'anizana ndi akuba usiku ndi ntchito inanso yokhala ndi zoopsa zake. Palinso msampha wina: lamba kapena mota zikabedwa, mlandu udzagwera munthu amene sadalembedwe ulonda. Apa n'zovuta kuti bwana anene kuti wangosintha kagwiridwe ka ntchito, chifukwa wapereka ntchito yachiwiri.

Njira zitatu za wantchito

Bamboyu akauzidwa zimenezi ali ndi njira zitatu, ndipo ziwiri mwa izo zili ndi maenje.

Njira yoyamba, imene ambiri amatsata poopa kutaya ntchito, ndi kungokhala chete n'kuyamba kubwera usiku. Vuto lake n'lakuti kuvomera sikuchitika ndi siginecha yokha. Munthu akagwira ntchito pa maola atsopano kwa miyezi yambiri osatsutsa, khoti likhoza kunena kuti adavomera mwa zochita zake. Akadzadandaula patatha chaka, funso loyamba lidzakhala lakuti, nanga mudali kuti nthawi yonseyi? Ndalama za ovataimu akhoza kuzifunabe, koma za kusintha kwa nthawi adzakhala atazifooketsa yekha.

Njira yachiwiri ndi kupsa mtima n'kusiya kupita kuntchito. Gawo 60 limalola wantchito kusiya ntchito popanda notisi ngati khalidwe la bwana lafika poti n'kosayenera kuyembekeza kuti munthuyo apitirize, ndipo lamulo limatenga kusiya kotere ngati kuchotsedwa ntchito. Khoti likagamula kuti bamboyu adachotsedwa mopanda chilungamo, chipukutamisozi chochepetsetsa kwa munthu amene wagwira zaka zoposa 5 koma zosapitirira 10 ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse. Sabata yake ndi K36,000, choncho zaka 6 zikupereka K432,000, ndipo khoti likhoza kuwonjezera. Koma pa mlandu wotere udindo wopereka umboni umatembenuka. Nthawi zonse ndi bwana amene amayenera kuonetsa chifukwa chochotsera munthu, pomwe apa ndi wantchito amene ayenera kutsimikizira khoti kuti zinthu zidafika posapiririka. Amene wangosowa kuntchito osalemba kalata yonena chifukwa amapatsa bwana mpata woti anene kuti adathawa yekha. Ndipo mlandu umatenga nthawi, pamene ana akufuna nsima lero.

Njira yachitatu ndiyo imateteza ntchito ndi mlandu womwe: kupitiriza kugwira ntchito koma motsutsa, ndi kulemba kutsutsako. Kalata yake siyifuna loya. Ikhale ndi tsiku, itchule maola ndi ntchito zimene zidagwirizanidwa, itchule zimene zasinthidwa, ndipo inene kuti wolembayo sakuvomereza kusinthako koma apitiriza kugwira ntchito podikira zokambirana. Wantchito asunge kope lake, ndipo ngati bwana akukana kulandira, mboni kapena uthenga wa pafoni zingathandize. Kuyambira tsiku lomwelo azilemba m'kabuku nthawi yofikira ndi yowerukira, chifukwa milandu yambiri ya ovataimu imafera pa kusowa kwa umboni wa maola.

Mphamvu ya njirayi idaoneka ku England mu 1987 pa mlandu wa Rigby ndi kampani ya Ferodo. Kampaniyo itakumana ndi mavuto azachuma idadula malipiro popanda chilolezo cha antchito. Rigby adapitiriza kugwira ntchito, koma zidali zodziwika kuti iye ndi anzake sadavomere. Khoti lalikulu koposa la m'dzikolo lidagamula kuti mgwirizano wakale udali ukadalipo, ndipo kampani idayenera kumubwezera ndalama zimene idadula.

Pali chenjezo limodzi. Kutsutsa sikungakhale kwamuyaya. Zokambirana zikakanika, dandaulo lipite kuofesi ya zantchito ya boma la Lilongwe, imene imaitanitsa mbali zonse ziwiri kuti igwirizanitse. Ikalephera, nkhani imapita kukhoti la milandu ya ntchito la Industrial Relations Court, limene lili ndi nthambi mumzinda wa Lilongwe ndipo munthu akhoza kudziyankhulira yekha. Amene wachotsedwa ntchito kapena wasiya mokakamizika ali ndi miyezi itatu yokha yoti akadandaule kwa mkulu wa zantchito wa m'boma. Ndipo gawo 57 limanena momveka kuti kukadandaula za bwana si chifukwa chovomerezeka chochotsera munthu ntchito.

Khomo limene lamulo lidasiyira bwana

Nanga mwini chigayo uja achite chiyani, poti magetsi akuyakadi usiku wokha? Lamulo silimuuza kuti atseke bizinesi. Njira yake ndi kukambirana. Afotokoze vuto, anene kuti kusinthako kutenga nthawi yaitali bwanji, amve zovuta za wantchito, ndipo aike chinachake patebulo: maola 8 a usiku m'malo mwa 12, ndalama yapadera ya usiku, kusinthana masabata ndi mnzake, kapena lonjezo lobwerera ku nthawi yakale magetsi akakhazikika. Akagwirizana, alembe ndi kusainirana. Kumene kuli bungwe la antchito lovomerezeka, zokambiranazo zimadzera kubungweko.

Wantchito akakanitsitsa, bwana ali ndi khomo lomaliza, ndipo antchito ayenera kulidziwa asadaumirire. Gawo 57 limalola kuthetsa ntchito pa chifukwa cha zofunika pa kayendetsedwe ka bizinesi. Ngati ntchito ya usana yathadi, bwana akhoza kuithetsa, koma alipire mtengo wake. Wolandira pamwezi apatsidwe notisi ya mwezi umodzi kapena malipiro ake, komanso ndalama yotsanzikira imene gawo 35 limalamula. Kwa bambo wa zaka 6 uja, ndalamayi ndi malipiro a masabata awiri pa chaka chilichonse cha zaka zisanu zoyambirira ndi masabata atatu pa chaka chachisanu n'chimodzi. Onse pamodzi ndi masabata 13, kapena kuti K468,000. Bwana ayeneranso kukhala wokonzeka kuonetsa khoti kuti chifukwacho n'choona ndi kuti adachita mwachilungamo.

Pa funso loti bwana ayenera kukambirana ndi antchito asadawachotse pa zifukwa za bizinesi, makhoti athu sadayankhule ndi mawu amodzi. Pa mlandu wa kampani ya Malawi Telecommunications Limited ndi Makande, khoti la Supreme lidaona kukambirana ngati gawo la chilungamo. Koma mu 2014, pa mlandu wa First Merchant Bank ndi Mkaka ndi anzake, khoti lomwelo lidati lamulo la ntchito la 2000 silikakamiza bwana kutero. Apa pali mpata umene Nyumba ya Malamulo iyenera kutseka. Ku South Africa, kumene Amalawi ambiri amagwira ntchito, lamulo limatchula mwachindunji za kusintha mfundo za ntchito popanda chilolezo, ndipo limalola antchito amene akasuma kuti aumirize bwana kubwezeretsa zinthu mwakale kwa kanthawi pamene nkhani ikukambidwa. Kwathu kuno wantchito alibe chida chofulumira chotere. Amadikira chigamulo akugwira kale maola amene akuwatsutsa, kapena ali pakhomo opanda malipiro.

Kumene lamulo silifika msanga

Zonsezi zimamveka bwino kwa mphunzitsi, namwino kapena kalaliki amene ali ndi kalata m'thumba. Koma anthu ambiri ogwira ntchito kumwera kwa Lilongwe, m'zigayo, m'magolosale, m'minda ya fodya ndi m'nyumba za anthu, adalembedwa pakamwa. Udindo wopereka chikalata uli pa bwana wa antchito asanu kapena kuposerapo, choncho mtsikana wantchito zapakhomo ku Likuni kapena mnyamata wa m'shopu pa Nathenje nthawi zambiri alibe pepala lililonse. Izi sizitanthauza kuti alibe mgwirizano. Pangano la pakamwa ndi mgwirizano ndithu, ndipo malire a maola ndi mitengo ya ovataimu zimamukhudza iyenso. Chimene chimavuta ndi umboni. Maola amene munthu wakhala akugwira kwa zaka, anzake a pantchito, mauthenga a pafoni ndi mbiri ya malipiro ndi zimene zimaima m'malo mwa kalata.

Vuto lina ndi mtunda ndi mantha. Kuchoka ku Mitundu kupita kutauni kukadandaula kumadya ndalama ya minibasi ndi tsiku lathunthu la ntchito, ndipo kawirikawiri ulendo umodzi sukwanira. Pamsika pali achinyamata ambiri amene angalandire ntchito yomweyo mawa popanda kufunsa za maola. Bwana amadziwa zimenezi, wantchito amadziwanso. N'chifukwa chake alonda ambiri akugwirabe maola 12 usiku uliwonse ngati kuti ndiye lamulo, pamene lamulo lidati 8. Malinga oyendera malo a ntchito a Unduna wa Zantchito sakufika m'misika ya kumidzi pafupipafupi, ndipo mabungwe a antchito a pansi pa MCTU ali ndi mamembala ochepa m'mabizinesi ang'onoang'ono, kusiyana kwa zolembedwa ndi zochitika kupitirira.

Komabe mabwana asadzinamize kuti chete wa wantchito ndi phindu. Ngongole ya ovataimu imaunjikana mwakachetechete. Pa chitsanzo chathu chija, miyezi 10 yokha ikufikitsa ngongoleyo pa K1,170,000, ndipo imadzatulukira tsiku limene awiriwo adzayambana pa nkhani ina. Kukambirana kwa ola limodzi ndi pepala limodzi losainirana n'zotsika mtengo kuposa pamenepo. Kwa wantchito, tsiku lofunika kwambiri ndi loyamba lija akauzidwa kuti mawa zinthu zisintha. Asathawe ntchito, asangoti chete, koma afunse kuti kusinthako kulembedwe, alembe yankho lake, ndipo asunge kope.